Kumasulira nyimbo kuti kwaya iyimbe m'Chichewa: kusunga mathero ofanana kapena tanthauzo?

Nyimbo zambiri za Chingerezi, makamaka za m'tchalitchi, zimamangidwa ndi mizere yothera mofanana. Mzere wachiwiri ukathera ndi mawu akutiakuti, wachinayi umayankha ndi mawu omveka chimodzimodzi, ndipo khutu limakhutira. Munthu akapatsidwa nyimbo yotere kuti aiike m'Chichewa amalakalaka kusunga zonse, tanthauzo, chuni ndi mathero ofananawo. Kawirikawiri sizitheka. China chimayenera kutsala, ndipo ntchito yeniyeni ya womasulira ndi kusankha chotsalacho ndi maso otsegula.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwaneneretu. Pomasulira nyimbo yoti iyimbidwe m'Chichewa, choyamba ndi mfundo ya nyimboyo, chachiwiri ndi kukwanira kwa mawu pa chuni, ndipo mathero ofanana amabwera pambuyo. Akabwera popanda kuwononga kanthu, alandireni. Akafuna kuti mugule ndi tanthauzo, yambani mwawerengera mtengo wake. M'munsimu tiyenda ndi ndime imodzi kuyambira poyamba mpaka itayimbika, kuti muone pamene chisankhocho chimachitikira.

Poyamba dziwani ngati iyimbidwa kapena iwerengedwa

Musanalembe liwu lililonse, funsani amene wakupatsani ntchitoyo kuti mawuwa akagwira ntchito yanji. Ndakatulo yowerenga papepala kapena yolakatula pamaso pa anthu imakupatsani ufulu wotalikitsa mzere. Nyimbo ya kwaya sikupatsani ufulu umenewo, chifukwa manotsi anawerengedwa kale. Funsaninso kumene ikayimbidwe. Pamaliro anthu amamvetsera liwu lililonse, pomwe pa ukwati kapena ku Sande sukulu chofunika kwambiri ndi chakuti anthu aigwire msanga n'kumavomera. Ngati nyimboyo ili ndi mwini wake ndipo mukufuna kuijambula kapena kuisindikiza, pemphani chilolezo kaye. Kuno ku Malawi bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolembalemba ndi COSOMA.

Lembani tanthauzo lonse, osaganiza za chuni

Ndime imene tigwiritse ntchito ndaipeka ndekha potsata kamangidwe ka nyimbo zambiri za m'tchalitchi. Tiyerekeze kuti m'Chingerezi ili ndi mizere inayi, ndipo wachiwiri ukuthera ndi mawu otanthauza usiku, wachinayi ndi mawu otanthauza kuwala. Awiriwa amamveka mofanana, naiti ndi laiti. Tikaimasulira mwachindunji, osasiya kanthu, ikunena izi:

Pamene njira ili yaitali patsogolo panga,
ndipo usana ukusanduka usiku,
gwirani dzanja langa ndipo muyende pambali panga,
munditsogolere kwathu kumene kuli kuwala.

Izi si zoimba ayi. Ndi pepala lokhala pambali panu nthawi yonse, loti muzibwererapo kukaona zimene mwataya ndi zimene mwawonjezera. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi n'kuyamba kung'ung'udza chuni nthawi yomweyo, ndipo akafika pa mzere wachitatu amakhala akupeka nyimbo yawoyawo osadziwa.

Mukalemba, dulani mzere kunsi kwa zinthu zimene ndimeyo singakhale popanda izo. Pano ndikuona zinayi: njira yaitali, mdima, dzanja logwiridwa, ndi kwathu kowala. Pali chinanso chimene sichioneka ngati liwu limodzi, koma ndi chachikulu. Ndimeyi ndi pempho. Woimba sakunena kuti zinthu zili bwino, akupempha kuti agwiridwe dzanja. Onaninso ntchito imene mathero ofanana aja akugwira. Sanaikidwe pongokometsera. Akumanga usiku ndi kuwala pamodzi kuti womvera amve kusiyana kwake. Choncho chofunika kupulumutsa ndi kuyang'anizana kwa mdima ndi kuwala, ndipo mathero ofanana ndi njira imodzi chabe yochitira zimenezo.

Werengani manotsi, kenako pezani pamene chuni chikugunda

Mabuku ambiri a nyimbo amalemba manambala pamwamba pa nyimbo iliyonse, monga 8.7.8.7 kapena 8.6.8.6. Manambalawa akunena kuchuluka kwa maphatikizo mu mzere uliwonse. Ngati palibe, imbani chuni ndi "la la la" mukuwerenga ndi zala. Ndime yathu ndi ya 8.7.8.7, kutanthauza malo 30 onse pamodzi.

Tsopano werengani maphatikizo a pepala lathu lija. Mzere woyamba uli ndi 17, wachiwiri 13, wachitatu 17, wachinayi 16. Onse pamodzi 63. Malo alipo 30. Apa ndi pamene womasulira amafanana ndi telala amene wauzidwa kusoka suti pa nsalu yokwana malaya okha. Vutoli si lanu nokha. Mawu ambiri a Chingerezi ndi a phatikizo limodzi, pomwe athu amanyamula mwini ntchito, nthawi ndi wochitiridwa m'liwu limodzi lalitali, ngati "munditsogolere", lomwe palokha ladya malo 6. Ngakhale nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, ikuonetsa zomwezi. Mzere woyamba wa Chingerezi umatchula dziko lathu la Malawi, koma wa Chichewa umangoti Malawi, ndipo dzina la Mulungu linafupikitsidwa kukhala Mlungu kuti mawu akwane pa manotsi 9.

Kuwerenga kokha sikukwanira. Ombani m'manja mukuimba, mumve manotsi amene akugunda mwamphamvu. Pa chuni cha ndime yathu kugunda kuli pa malo oyamba, achitatu, achisanu ndi achisanu ndi chiwiri. Chichewa nachonso chili ndi pogunda pake. Liwu limalemera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo. Timati NJI-ra, u-LE-ndo, yata-LI-ka. Kulemera kwa liwu kukagwera pa kugunda kwa chuni, mzere umayimbika wokha. Zikasemphana, anthu amaimbabe, koma zimamveka ngati mlendo akuphunzira chiyankhulo, ndipo okhala kumbuyo kwa tchalitchi samva mawu.

Mangani mzere umodzimodzi

Mzere woyamba ukufuna maphatikizo 8. Choyamba kubwera m'mutu mwina ndi "Ulendo ukatalika". Werengani, akukwana 8, ndipo tanthauzo lili bwino. Koma uimbeni. Chuni chikukakamiza kunena U-le-NDO, kulemera kwachoka pa "le". Yesani china:

NJI-ra YA-nga YA-ta-LI-ka

Apa "nji", "ya" wa "yanga" ndi "li" onse agwera pogunda. Tataya mawu akuti "pamene", moti chimene chinali "zikadzachitika" chasanduka "zachitika kale". Ine kutaya kumeneku ndikukuvomera, chifukwa pempho limakula mphamvu munthu akamanena za njira imene ali pakati pake. "Patsogolo panga" palowa "yanga", ndipo palibe chasowa.

Mzere wachiwiri ndiye wovuta, ndipo kuvuta kwake kumabwera pa mzere uliwonse wa maphatikizo 7 pa chuni chotere. Notsi yomaliza ndi yogunda, nthawi zambiri yaitalinso. Chingerezi chili ndi mawu ambiri othera mwamphamvu oti akhale pamenepo. Chichewa chilibe ambiri. Mukalemba "Dzuwa lalowa kale", maphatikizo akwana 7, koma kwaya idzaimba ka-LEEE, komanso "lalowa" adzathyoka pakati.

Pali njira zitatu zotulukira. Mutha kungovomereza, monga zinachitikira m'nyimbo zambiri zakale zomasuliridwa, ndipo makutu a anthu anazolowera. Mutha kugawa notsi yomalizayo pawiri kuti mzere ukhale wa 8, ngati woyimbitsa kwaya alola. Kapena mutha kufunafuna liwu la phatikizo limodzi lomwe mwachibadwa limakokedwa. Mawu oterewa tili nawo ambiri, ndi mivekero: bii, mbee, zii, phee, duu. Mvekero umafuna kukokedwa, ndiye notsi yaitali ndi kwawo.

KU-nja KU-no KWA-da BII

Palibe liwu lakuti usiku, palibenso usana, koma palibe Mchewa angafunse kuti ndi nthawi yanji. Tanthauzo lafika, ndipo lafika mwa njira yathu.

Mzere wachitatu uli ndi zinthu ziwiri, kugwira dzanja ndi kuyenda pambali, ndipo malo ndi a chimodzi. Mwina mungayese kuphatikiza zonse motere: "Ndigwireni, tikafike". Akukwana 8, akugunda bwino, ndipo "ti-" wanyamula kuyendera limodzi kuja. Koma tamverani "ndigwireni" ali yekha. Ndi mawu a munthu amene akugwa, kapena amene akudzipereka kwa apolisi. Dzanja likachoka, chikondi cha mzerewo chachokanso. Ndiye dzanja likhale:

NDI-gwi-RE-ni DZA-nja, MBU-ye

Taonjezera "Mbuye", amene pa pepala lathu palibe. M'nyimbo ya m'tchalitchi, momwe aliyense akudziwa amene akupemphedwa, kuwonjezera kumeneku sikunamiza munthu. Ikanakhala nyimbo ya chikondi sitikanatero, tikanafuna mawu ena a maphatikizo awiri monga "wanga". Onaninso kuti tasankha "ndigwireni" osati "ndigwire". Chingerezi cha lero sichisiyanitsa iwe ndi inu, ndiye chisankhocho ndi chanu, ndipo mukasankha musasinthe pakati pa nyimbo.

Kufupikitsa kwa mtundu wa Mbuye, Mlungu ndi m'mtima kwadzaza m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo anthu anakuzolowera. Gwiritsani ntchito mafupikitso amene makutu akuwadziwa kale. Mukayamba kudula mawu ena aliwonse kuti akwane, woimba amayamba kumeza malembo ndipo womvera amangomva chuni.

Mzere wachinayi ukufunanso liwu limodzi lokokedwa kumapeto, ndipo tikufuna kwathu ndi kuwala. "Kwathu kuja kwacha ngwee" akukwana bwinobwino, ndipo kucha kwa kunja kukuyankha kuda kuja. Koma musaulembe. Ku Zambia kwacha ndi ngwee ndi ndalama, ndipo kuno kwathu mfuu wakuti "Kwacha!" uli ndi mbiri yake ya pa misonkhano ya ndale. Pamaliro simufuna kuti maganizo a anthu apite kumeneko. Mzere ukhoza kukhala wolondola m'mbali zonse n'kukhala utanyamula katundu amene mwini nyimbo sanatume. Tisinthe:

KWA-thu KU-ja KU-li MBEE

Ndime yonse tsopano ikuti:

Njira yanga yatalika,
Kunja kuno kwada bii;
Ndigwireni dzanja, Mbuye,
Kwathu kuja kuli mbee.

Bii ndi mbee sakuthera mofanana. Koma taonani mzere wachiwiri ndi wachinayi. "Kunja kuno" akuyankhidwa ndi "kwathu kuja", "kwada" ndi "kuli", "bii" ndi "mbee". Mizere iwiriyi yamangidwa pa chikombole chimodzi, ndipo "ku" ndi "kwa" akubwerezedwa okha chifukwa cha mgwirizano wa mawu m'chiganizo. Ntchito imene mathero ofanana ankagwira m'Chingerezi, yoyang'anitsana mdima ndi kuwala, yagwiridwa ndi zida zina. Umu ndi mmene nyimbo zathu za pamtondo, za pachinamwali ndi za kudambwe zimagwirira khutu: kubwereza, kusintha liwu limodzi mu mzere wobwerezedwa, wotsogolera kuponya ena n'kuvomera. Masalimo nawonso anamangidwa ndi mizere yoyankhana m'maganizo osati m'mathero, n'chifukwa chake amamveka bwino m'Chichewa popanda kuwakakamiza.

Tsopano yesani mathero ofanana, muone mtengo wake

Sindikunena kuti musayese. Yesani, koma mutamanga kale ndime yokhulupirika yoti muziyerekeza nayo.

Dziwani kaye chimene khutu la Mchewa limamva ngati mathero ofanana. Liwu lililonse la Chichewa limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Choncho mizere iwiri ikangothera ndi "a", palibe amene amazindikira, chifukwa zimachitika m'kuyankhula kulikonse. Kuti zimveke, pafunika maphatikizo awiri omaliza agwirizane kuyambira pa phatikizo lolemera lija: kuwala ndi kudwala, yatalika ndi ndidzafika. Izi zili ndi zotsatira zake. Mathero otere amakhala bwino pa mizere ya 8, yothera mofewa, osati pa mizere ya 7 pomwe Chingerezi chinawaika.

Tiyese kaye kuwasunga pamalo pomwe anali. "Usiku" ali ndi anzake ochepa kwambiri, kupatula tsiku ndi masiku. "Kuwala" ali nawo ambiri: njala, mwala, chala, kukhala, kutsala, kuiwala, kudwala. Tisankhepo:

Njira yanga yatalika,
Mtima wanga ukudwala;
Ndigwireni dzanja, Mbuye,
Kwathu kuja kukuwala.

Ikukoma m'khutu, ndipo ndikudziwa kuti ambiri angaikonde. Koma bwererani ku pepala lija. Usiku wapita. Kuwala kwa mzere womaliza kulibenso mdima woti kuuyankhe, ndiye kwangokhala kuwala wamba. M'malo mwake mwalowa matenda a mtima amene mwini nyimbo sanatchule. Komanso mizere iwiriyo yakhala ya 8, ndiye chuni chiyenera kusinthidwa. Talipira chimodzi mwa zinthu zinayi zija, tawonjezera chachilendo, tagwiranso chuni. Mtengo umenewu ndi wokwera, ndipo ine sindingagule.

Chizindikiro cha mzere wolembedwa pofuna mathero okha n'chosavuta kuchiona. Phimbani mzere winawo ndi chala, muwerenge wokayikitsawo pawokha, n'kudzifunsa ngati mukanaulemba pakanapanda mnzakeyo. "Mtima wanga ukudwala" sukanabwera pakanapanda "kukuwala".

Njira ina ndi kusamutsa mathero ofananawo, kuwachotsa pa mzere wachiwiri ndi wachinayi n'kuwaika pa woyamba ndi wachitatu, pomwe Chichewa chimakhala momasuka. "Yatalika" akuitana "ndidzafika". Mzere wachitatu ungakhale "Ndi inuyo ndidzafika". Papepala uli bwino. Pakamwa pa anthu makumi atatu, "ndi" ndi "i" adzalumikizana n'kukhala "ndinuyo", ndipo "pamodzi ndi inu" wasanduka "ndinu amene". Paliponse pamene liwu lothera ndi i likutsatana ndi loyamba ndi i, kapena a ndi a, yembekezerani kuti oimba adzameza limodzi. Tikonze:

Njira yanga yatalika,
Kunja kuno kwada bii;
Muli nane, ndidzafika
Kwathu kuja kuli mbee.

Iyi ndi ndime yabwino. Mathero ofanana alipo, mdima ndi kuwala zilipo, kuyendera limodzi kwabwerera, chuni sichinakhudzidwe, ndipo mzere wachitatu ukutsetserekera mu wachinayi ngati chiganizo chimodzi. Chatayika ndi dzanja, ndipo pamodzi nalo pempho. Woimba sakupemphanso, akulengeza chikhulupiriro.

Apa ndiye pofunika yankho la funso lija la kumene nyimbo ikayimbidwe. Ikakhala ya pamaliro, kapena ya nthawi ya mapemphero a odwala, ndingatenge ya dzanja, chifukwa munthu wosweka mtima amafuna mawu opempha, ndipo mwini nyimbo analemba pempho. Ikakhala ya achinyamata pa msonkhano, yoti aigwire pakamwa tsiku lomwelo popanda mapepala, ndingatenge ya "ndidzafika", koma ndingamuuze woyimbitsa kwaya poyera chimene chasintha. Iye ndi abusa ali ndi ufulu wodziwa kuti pempho lasanduka chilengezo, makamaka m'nyimbo ya chipembedzo momwe kusintha kotere kumakhudza chiphunzitso.

Pamene mathero ofanana ayenera kupambana

Pali nyimbo ndi ndakatulo zimene moyo wake uli m'kamvekedwe. Nyimbo za ana zowerengera kapena zosewerera, ndakatulo zoseketsa zomwe nthabwala yake imaphulika pa liwu lomaliza, nyimbo za achinyamata za masiku ano zomwe luso lake ndi kulumikiza mathero mzere ndi mzere, ndi timawu ta malonda ta pa wailesi. Mukamasulira zoterezi mokhulupirika liwu ndi liwu n'kutaya kamvekedwe, mwasunga chimene mwini wake sankachisamala n'kutaya chimene ankachifuna. Pamenepa tembenuzani ndondomeko. Yambani ndi kupeza mawu awiri omaliza ogwirizana, omwe ali pafupi ndi mfundo, kenako mangani mzere chobwerera m'mbuyo kuchokera pa mawuwo. Nyama ya m'nyimbo ya ana itha kusintha, dzina la mudzi litha kusintha, bola chisangalalo chifike. Mukasintha zambiri chotere, lembani kuti mawuwa ndi otengera nyimbo yakutiyakuti, osati omasulira.

Chenjezo limodzi pano. M'Chichewa n'kosavuta kupanga mathero ofanana pobwereza mchira umodzi wa aneni: kukondedwa, kutumidwa, kuitanidwa, kapena mizere yonse kuthera ndi "-nso" kapena "-tu". Kawiri zimakoma. Zikapitirira ndime yonse, womvera amayamba kulosera liwu lotsatira ndipo amasiya kumvetsera.

Ikakhala ndakatulo yowerenga

Manotsi akachoka, chifukwa chodulira zinthu chimachokanso, ndipo sindiona chifukwa chotayira chithunzi chilichonse pofuna mathero. Ndime yomweyi ingakhale:

Njira ikanditalikira,
dzuwa n'kundilowera ndili panjira,
ndigwireni dzanja, tiyendere limodzi,
mukandifikitse kwathu kowala.

"Pamene" wabwerera mwa "ika-", kuyendera limodzi kwabwerera, kutsogolera kwabwerera. Mizere iwiri yoyamba yathera mofanana, "-kira" ndi "-njira", popanda kuifunafuna, ndipo zoterezi muzisiye zikhale. Chofunika kusamala pano ndi mpweya. Werengani mokweza, ndipo mzere uliwonse uthe ndi mpweya umodzi popanda kuthamanga.

Iyeseni m'makutu a anthu ena

Womasulira sangamve zolakwa zake zonse, chifukwa amadziwa kale chimene akufuna kunena. Pezani anthu awiri kapena atatu a kwaya aimbe ndimeyo, ndipo wina amene sanaone pepala akhale chapatali, kumapeto kwa chipinda. Akamaliza, mufunseni anene zimene wamva, kenako afotokoze m'mawu akeake zimene nyimboyo ikunena. Musamuthandize. Yerekezani zonena zakezo ndi pepala loyamba lija. Akatchula njira, mdima, dzanja ndi kwathu, ntchito yatheka. Akatchula chinthu chimene simunalembe, funani pamene chalowera.

Nthawi zambiri chimalowera pa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Poyankhula timasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la maso, ndi kamvekedwe kokha. Poimba, chuni chimafafaniza kusiyana kumeneko. Mzere wonena za "mtengo wa moyo" ukhoza kumveka mbali zonse ziwiri ngati mawu oyandikana nawo sakuthandiza. Mu ndime yathu muli kachinthu kotere pa mzere womaliza. "Kuli mbee" angamveke ngati chiganizo pachokha, kapena ngati "kumene kuli mbee". Mwamwayi matanthauzo onse awiri akuloza kumodzi, ndiye palibe chokonza. Akanasemphana tikanasintha mzerewo.

Yang'ananinso nkhope ndi milomo ya oimba. Akapunthwa pamalo amodzimodzi kawiri, vuto si lawo, ndi la mzerewo. Akapumira pakati pa liwu, ndiye kuti liwu lalitali ladutsa pamalo pomwe chuni chimapuma, ndipo muyenera kulisuntha. Notsi yokwera kwambiri kapena yaitali imayimbika bwino pa a, e ndi o kusiyana ndi pa i ndi u, ndiye ngati chuni chikukwera pothera mzere wachiwiri, a sopulano akhoza kudandaula ndi "bii". Zikatero mverani, ndipo ganizirani zosinthanitsa mawu kapena kugawa notsi ija.

Ndime zotsatira

Chimene mwasankha pa ndime yoyamba chimakumangani pa zotsalazo. Mukayamba ndi mathero ofanana pa mzere woyamba ndi wachitatu, khutu lidzawayembekezera mpaka kumapeto, ndipo ndime yachitatu ikawasowa zidzamveka ngati mwalephera. Ndiye musanatsimikize, yesani mwachangu ndime yovuta kwambiri m'nyimboyo muone ngati njira yanuyo ingapirire. Ikakanika, ndi bwino kusunga mathero ofanana mu kolasi mokha, momwe mumabwerezedwa kambiri ndipo mawu ake amakhala ochepa, n'kusiya ndime zinazo zinyamule tanthauzo. Mivekero nayonso isachuluke. Bii ndi mbee agwira ntchito pano chifukwa ndimeyi ikunena za mdima ndi kuwala, koma nyimbo ya ndime zisanu yothera ndi mvekero pa mzere wachiwiri uliwonse ingatopetse. M'ndime zina mudzafunika kugawa notsi kapena kuvomereza kulemera kosemphana pang'ono.

Chuni chikakhala cha 8.6.8.6, zinthu zimatembenuka. Nyimbo zambiri za muyeso umenewu zimayamba ndi notsi yofewa, kugunda n'kubwera pachiwiri, ndiye "ulendo" ndi "Ambuye" amene anakanika kuyamba mzere pano amakhala bwino kumeneko, pomwe "njira" amasemphana. Koma mizere yake yonse inayi imathera pogunda, moti vuto la mzere wathu wachiwiri limabwera kanayi pa ndime iliyonse. Pa chuni chotere kambiranani ndi woyimbitsa kwaya za kugawa manotsi omaliza musanayambe kulemba, ndipo mugwirizane mizere imene adzalole kuti italike ndi phatikizo limodzi.